Kiyibodi yafa mabatani isanathe mwezi: kalata yopita kwa eni sitolo

Mlamu wanga ali ndi kachipinda pafupi ndi depoti ya mabasi, komwe amatayipira anthu makalata ofunsira ntchito ndi kupanga fotokope. Mwezi wa Malichi ndi nthawi yake yokolola, chifukwa aphunzitsi amabwera ndi mayeso otsekera teremu ali olemba pamanja. Pa 4 Malichi anagula kiyibodi yatsopano ya waya, yakuda, ya masiku onse, pa mtengo wa K28,000, atatopa ndi yakale imene zilembo zake zinali zitafufutika. Pa lisiti, mnyamata wogulitsa analembapo ndi bolopeni kuti waranti ndi miyezi itatu.

M'mawa wa pa 24 Malichi anakhala pansi kuti ayambe mayeso a Sitandade 6. Anatayipa mutu woti "Mayeso a Chichewa", koma pa sikirini panatuluka `Myeso Chichew`. Anabwereza, zomwezo. Anakanikiza batani la A mwamphamvu ngati akupha nsikidzi, koma zii. Munthu wotayipa Chingerezi akhoza kulimbana ndi kiyibodi yopanda A kwa kanthawi. Wotayipa Chichewa sangapite patali, poti ngakhale "mwadzuka bwanji" amasanduka `mwdzuk bwnji`. Posakhalitsa anaona kuti Z nayenso wafa, moti "zikomo" akutuluka wodulidwa mutu.

Mawa lake anainyamula n'kupita nayo kusitolo. Mnyamata uja anaiyang'ana uku ndi uku n'kunena kuti, "Pepani amayi, bwana kulibe. Mubwere Lachisanu." Lachisanu anapeza mnyamata wina, ndipo ameneyo sanavutike n'kuilumikiza komwe. "Izi amayi zimachitika mukathirapo tiyi. Kapena ndi kompyuta yanu. Ife tinakupatsani ikugwira." Kenako anamulozera chikwangwani chomwe chili kumbuyo kwa kauntala, chonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa.

Madzulo ake anabwera kwathu ndi pepala lomwe anali atalemba kale, mtima uli m'mwamba. "Alamu, tandiwerengereni iyi, ndikufuna aone kuti sindine wamasewera." Kalatayo inayamba ndi mawu oti anthu inu mulibe chilungamo, inadzera pa mavuto a mayi wolera ana yekha, n'kuthera pa polisi. Zonse zinali zochokera pansi pa mtima. Koma munalibe tsiku logulira, munalibe nambala ya lisiti, ndipo za vuto lenileni munangolembedwa kuti "kiyibodi yanu ndi yowonongeka". Ndinamuuza kuti tiiike kaye pambali, tiyambe taimva kiyibodiyo bwinobwino.

Pa maulendo awiri aja anyamata a m'sitolo anali atamuonetsa kale makomo onse amene adzathawire: kuti vuto ndi kompyuta yake, kuti anaiwononga yekha, ndi kuti katundu sabwezedwa. Khomo lachinayi sanalitchule, koma ndi lomwe limapweteka anthu ambiri. Ndi nthawi. "Mubwere Lachisanu" akachuluka, miyezi itatu imatha muli m'njira, ndipo tsiku lomwe mudzawapeze bwana adzangoyang'ana lisiti n'kunena kuti waranti inatha. Zokambirana pakauntala sizisiya phazi. Kalata yokhala ndi tsiku, yosayinidwa kuti yalandiridwa, imaimitsa wotchi pa tsiku lomwe munadandaula. Ntchito yoyamba ya kalatayi ndi imeneyo. Yachiwiri ndi kutseka makomo enawo limodzilimodzi, bwana asanawatsegule.

Tinayamba ndi funso la kompyuta, chifukwa nthawi zina mnyamata wa m'sitolo amakhala akunena zoona, ndipo n'zochititsa manyazi kulemba kalata yaukali pa kiyibodi yabwinobwino. Pali zinthu zingapo za mu Windows zomwe zimaoneka ngati kufa kwa mabatani. Manambala a kudzanja lamanja akasiya kulemba, kawirikawiri ndi Num Lock amene wazimitsidwa. Mukakanikiza @ n'kutuluka ", kompyuta yaikidwa pa kiyibodi ya ku Britain pomwe yanu ndi ya ku America, kapena mosemphanitsa. Ndipo mukagwira Shift wa kumanja kwa masekondi 8, mwina chigongono chitatsamira pamenepo, Windows ikhoza kuyatsa Filter Keys, yomwe imanyalanyaza kukanikiza kofulumira, moti kiyibodi yonse imaoneka ngati yagontha. Koma zonsezi zili ndi chizindikiro chake: mwina batani limalemba china, mwina vuto limagwira mabatani onse mofanana. Sizisankha A ndi Z n'kusiya S ndi X.

Kuyesa kwake sikufuna katswiri. Tinaichotsa pa dzenje la USB lomwe inali n'kuiika pa lina. Kenako tinailumikiza ku laputopu yanga. Tinatenganso kiyibodi yakale yofufutika ija n'kuiika pa kompyuta ya mlamu, ndipo A anatuluka bwinobwino. Pamenepo kompyuta inapezeka yosalakwa. Pomaliza tinatsegula Notepad n'kukanikiza mabatani onse a manambala ndi zilembo, mzere ndi mzere, kuchokera kumanzere. Zinatuluka ndi izi:

```
234567890
wertyuiop
sdfghjkl
xcvbnm
```

Mzere uliwonse unasowa chiyambi chake. Sanali mabatani awiri monga ankaganizira mlamu, anali anayi: 1, Q, A ndi Z. Q sanamuzindikire kuti wafa chifukwa m'Chichewa mulibe Q, ndipo ngakhale m'mayeso a Chingerezi amangobwera patalipatali. Yang'anani pa kiyibodi iliyonse, muona kuti mabatani anayiwa andondozana kutsika m'mbali ya kumanzere. Apa m'pamene pali mutu wa nkhani, ndipo kuti pamveke tiyenera kulowa pang'ono m'mimba mwa kiyibodi, ndi mawu okha, osati ndi sikuludiraiva.

Kiyibodi wamba imakhala ndi mabatani 104 kapena 105, koma simukhala mawaya 104. Pansi pa mabatani pali mphira wokhala ndi timatumphu, kamodzi pa batani lililonse, komwe kamabwezera batani m'mwamba mukachotsa chala. Pansi pa mphirawo pali mapepala atatu a pulasitiki opyapyala. Lapamwamba ndi lapansi anajambulapo timizere tonyamula magetsi, ndipo lapakati ndi longolekanitsa, lokhala ndi kabowo pansi pa batani lililonse. Mukakanikiza, pepala lapamwamba limakhudza lapansi kudzera pa kabowoko, ndipo kachipangizo komwe kali pakona kamazindikira kuti mzere wakutiwakuti wakumana ndi mzere wakutiwakuti, choncho chilembo ndi chakuti. Zili ngati kulozera munthu nyumba m'tauni potchula msewu wodutsa ndi msewu wopingasa. Mzere umodzi umatumikira mabatani angapo. Ukaduka, kapena ukalephera kukhudzana bwino ndi kachipangizo kaja pamalo pomwe mapepalawo amapanikizidwa ndi kachitsulo, mabatani onse a pamzerewo amafera limodzi, ngati nyumba za pa waya umodzi magetsi akazima. Mabatani omwe ali pamzere umodzi amasiyana malinga ndi fakitale, ndipo nthawi zina amaoneka omwazikana, koma chizindikiro n'chimodzi: gulu lathunthu kusiya nthawi imodzi, ena onse ali bwino.

Batani limodzi lokha likavuta, nkhani imakhala ina. Kakhoza kukhala kanyenyeswa ka sikono kapena kamchenga komwe kalowa pansi pake, ndipo mukaitembenuza kiyibodiyo n'kuigogoda pang'ono kamagwa. Likamata, kukana kubwerera m'mwamba, ganizirani za chakumwa cha shuga. Koma mabatani a mlamu ankatsika ndi kukwera bwinobwino ngati anzawo, kungoti salemba kanthu. Fumbi silingagwirizane kuti lilowe pansi pa 1, Q, A ndi Z m'mawa umodzi.

Nanga akati munaithetsa ndi ntchito? Mlamu ankafuna kulemba kuti sanaigwiritse ntchito kwambiri, ndipo ndinamuletsa, chifukwa ndi bodza, komanso losafunika. Opanga makiyibodi amtunduwu amanena kuti batani limodzi limapirira kukanikizidwa maulendo mamiliyoni asanu kapena kuposerapo. Tiyerekeze kuti mlamu amatayipa masamba 30 pa tsiku, tsamba lililonse zilembo 2,000. Ndiye kuti pa tsiku amakanikiza maulendo 60,000. Ngakhale titati chilembo chimodzi mwa zisanu zilizonse ndi A, batanilo limalandira 12,000 pa tsiku, ndipo pa masiku 20 zikukwana 240,000. Sanafike ngakhale pa kota ya miliyoni imodzi. Koma mboni yamphamvu kuposa masamuwa ndi Q. Batani lomwe salikhudza kawirikawiri lafa tsiku limodzi ndi batani lomwe amalimenya tsiku lonse. Kutha ndi ntchito sikuyenda choncho.

Za tiyi ndiyenera kunena chilungamo, ngakhale chikupatsa mphamvu eni sitolo. Madzi akalowa pakati pa mapepala a pulasitiki aja amadya timizere ta magetsi, ndipo zotsatira zake zikhoza kufanana ndendende ndi vuto la kufakitale: gulu la mabatani kufa limodzi. N'chifukwa chake funso la tiyi limakhala loyamba pakamwa pa wogulitsa aliyense, ndipo pafupifupi waranti iliyonse imakana katundu wothiridwa madzi. Kusiyana kwake n'koti madzi amasiya mbiri. Amasiya banga pakati pa mapepalawo, zomatamata pansi pa mabatani, nthawi zina ndi nyerere zomwe. Choncho ngati simunathirepo kanthu, nenani m'kalata mosabisa, ndipo muwapemphe iwo kuti aitsegule inu mulipo. Ngati munathirapo, kalatayi si yanu. Kagureni ina.

Musaitsegule nokha, ndipo musaipereke kwa mnyamata wokonza mafoni kuti "angoiona". Makiyibodi ena amakhala ndi kapepala komata pamwamba pa sikuluwu imodzi, ndipo kakang'ambika waranti yapita. Ngakhale pomwe palibe kapepala, mutu wa sikuluwu wokalika umaulula. Mlamu anali atatsala pang'ono kutero Lachinayi, ntchito itamupanikiza. Chinamupulumutsa n'choti wokonzayo anali atapita kumaliro.

Tisanalembe tinasonkhanitsa umboni. Lisiti tinalipanga fotokope nthawi yomweyo, chifukwa mapepala a makina a malisiti amafufutika akakhala m'kachikwama kapena padzuwa, ndipo pakatha miyezi iwiri mukhoza kukhala ndi pepala loyera lokhala ndi mawu a bolopeni okha. Lisiti lenileni silituluka m'manja mwanu, kusitolo kumapita fotokope. Kunsi kwa kiyibodi kuli kapepala kolembedwa mtundu wake ndi nambala ya kufakitale, yomwe nthawi zambiri imayamba ndi S/N. Tinaikopera ndi kuijambula. Nambalayi imateteza mbali zonse ziwiri: iwo sanganene kuti mwabweretsa kiyibodi ina, ndipo inu mudzadziwa ngati akubwezerani yomweyo atangoipukuta. Tinasindikizanso mizere inayi ya mu Notepad ija, n'kujambula ndi foni kavidiyo kakafupi koonetsa chala chikukanikiza A pomwe pa sikirini sipakutuluka kanthu.

Kalatayo tinailemba monga tinaphunzirira kalata yantchito kusukulu: keyala ya wolemba ndi tsiku pamwamba, keyala ya sitolo, malonje, mutu. Pansi pa mutu tinaika nambala ya lisiti, mtundu wa kiyibodi ndi nambala yake ya kufakitale. Anthu ambiri makalata otere amawalemba m'Chingerezi, ndipo palibe cholakwika, koma palibenso choletsa Chichewa ngati ndi chomwe mumafotokozera zinthu momveka. Nayi, nditachotsamo maina ndi manambala.

Bwana Manijala,

PEMPHO LOSINTHIRIDWA KIYIBODI YOMWE YAFA MABATANI IKADALI PA WARANTI

Pa 4 Malichi ndinagula kiyibodi ya waya m'sitolo yanu pa mtengo wa K28,000. Pa lisiti wogulitsa wanu analemba kuti waranti ndi miyezi itatu, kutanthauza kuti ikutha pa 4 Juni.

Pa 24 Malichi, patangopita masiku 20, mabatani anayi, 1, Q, A ndi Z, anasiya kulemba nthawi imodzi. Amatsika ndi kukwera bwinobwino koma satulutsa kanthu. Ena onse akugwira. Ndaiyesa pa makompyuta awiri ndipo vuto ndi lomwelo. Kiyibodi ina ikugwira bwino pa kompyuta yanga. Sinagwepo, sinathiridwe madzi ndipo sinatsegulidwe. Ngati mukufuna kutsimikiza, ndine wokonzeka kuti muitsegule ine ndilipo.

Ndinabwera nayo kusitolo kwanu pa 25 ndi pa 28 Malichi, koma sindinathandizidwe.

Ndikupempha kuti mundisinthire ndi kiyibodi yatsopano ya mtundu womwewo pofika pa 9 Epulo. Ngati mtunduwo mulibe, ndilandira ina yofanana nayo mtengo, kapena mundibwezere K28,000 yanga. Tsikuli likadutsa ndisanayankhidwe, ndikapereka dandaulo langa ku bungwe la CFTC.

Ndaphatikiza fotokope ya lisiti, chithunzi cha nambala ya kiyibodi ndi pepala loonetsa mabatani omwe sakulemba.

Ine wanu,

Pansi pake siginecha, dzina ndi nambala ya foni. Yonse inakwana tsamba limodzi.

Mlamu ataiwerenga anagwedeza mutu. "Koma alamu, ikumveka yozizira. Sakudziwa kuti ndataya makasitomala angati." Ndinamuyankha kuti akudziwa, koma sizimukhudza. Bwana wa sitolo akamawerenga kalata yotere amakhala ndi mafunso atatu m'mutu: kodi ndi katundu wanga, kodi nthawi ikadalipo, kodi ndingakane pa chifukwa chanji. Chiganizo chilichonse chomwe sichikuyankha limodzi mwa mafunsowa chimamupatsa poyambira mkangano wina. Mukamutchula wakuba, nkhani imachoka pa kiyibodi n'kupita pa mawu anu, ndipo iye amakhala wolakwiridwa. Za polisi tinazichotsa chifukwa kugulitsa kiyibodi yomwe yafa pambuyo pa masabata atatu si kuba, ndipo bwana aliyense amadziwa kuti apolisi sadzabwera. Kuopseza ndi chinthu chomwe simungachite kumachepetsa mphamvu ya mawu ena onse.

Anyamata awiri aja sitinawatchule maina kapena kubwereza zomwe ananena. Tinangolemba masiku omwe mlamu anapitako. Masikuwo ndi omwe ali ndi ntchito, chifukwa akusonyeza kuti vuto analinena mawa lake lomwe, sanakhale nalo sabata ziwiri. Komanso kalatayo inayenera kudzera m'manja mwa anyamata omwewo kuti ikafike kwa bwana, ndipo munthu safulumira kunyamula kalata yomuneneza.

Chiganizo chomwe tinachikambirana nthawi yaitali ndi chopempha. Mlamu poyamba analemba kuti "ndikupempha thandizo lanu". Thandizo lanji? Pempho lotere limayankhidwa ndi pepani, ndipo pepani sapoletsa chilonda. Muyenera kutchula chomwe mukufuna, ndi tsiku lake. Masiku asanu ndi awiri ogwira ntchito, kuchokera pa 31 Malichi kufika pa 9 Epulo, tinasankha tokha. Si chiwerengero cha m'malamulo, koma ndi nthawi yokwanira kuti bwana abwere kuchokera kulikonse komwe amakhala akakhala "kulibe". Tinaikamonso njira ziwiri zina, kiyibodi yofanana kapena ndalama, pofuna kutseka yankho lodziwika lija loti mtundu umenewo unatha, tikudikira katundu afike.

N'chifukwa chiyani kusintha osati kukonza? Mawaranti ambiri amanena kuti wogulitsa ndiye amasankha pakati pa ziwirizi, choncho werengani kapepala ka m'katoni ngati kalimo, musalonjeze mtima wanu zomwe sizinalembedwe. Pa firiji kapena pulinta, kukonza n'komveka. Koma pa kiyibodi yamtunduwu palibe sipeya. Mapepala a pulasitiki aja sagulitsidwa paokha m'masitolo athu, ndipo chomwe wokonza angachite ndi kumangitsa kachitsulo kopanikiza kaja kapena kupaka utoto wonyamula magetsi pamzere woduka. Zimenezo n'zabwino pa kiyibodi ya zaka zitatu. Munthu amene walipira mtengo wa chatsopano masabata atatu apitawo sanagule chigamba. Akaumirira zokonza, auzeni alembe tsiku lomwe idzakhale itatha, ndi kuti vuto likabwereranso adzasintha.

Wina angafunse kuti bwanji osalembera fakitale, popeza dzina lake lili pa katoni. Makiyibodi ambiri omwe timagula kuno amabwera ndi amalonda omwe amakaoda kunja, ndipo fakitaleyo nthawi zambiri ilibe woiimira pafupi. Kutumiza kiyibodi ya K28,000 kutsidya kwa nyanja kungadye ndalama zoposa mtengo wake. Amene analandira ndalama zanu ndi sitolo, ndipo pangano lanu lili ndi iwo. Ngati akufuna kukadandaula kwa amene anawaodetsa, umenewo ndi ulendo wawo.

Tibwerere ku chikwangwani chija. Waranti ndi lonjezo lomwe wogulitsa kapena fakitale amapereka mwa kufuna kwawo, lokhala ndi nthawi ndi malire omwe aika okha. Lamulo ndi chinthu china, ndipo limagwira ntchito ngakhale pa lisiti pasanalembedwe kanthu. M'Malawi muli lamulo loteteza ogula la 2003, komanso lamulo la mpikisano ndi chilungamo pa malonda, lomwe linakhazikitsidwa mu 1998 n'kulowedwa m'malo ndi latsopano mu 2024. Bungwe la CFTC, lomwe limaonetsetsa kuti lamulo la chilungamo pa malondali likutsatidwa, lakhala likuchenjeza amalonda kuti kudzichotsera udindo pa katundu wowonongeka, monga kudzera m'zikwangwani zoti katundu sabwezedwa, n'kosaloledwa. Mukagula kiyibodi yakuda, mawa n'kusilira yoyera, sitolo ikhoza kukana kusintha. Koma ikakhala kuti sikugwira ntchito yomwe munaigulira, chikwangwani sichiwapulumutsa. Palinso bungwe la CAMA, loimira ogula, lomwe lakhalapo kuyambira 1994, komwe munthu angakapemphe uphungu.

M'kalata sitinaikemo ndime za malamulo. Ine ndimaona kuti munthu wamba akayamba kutchula magawo a malamulo omwe sanawawerenge amadziika pamsampha, chifukwa akalakwitsa nambala imodzi bwana amaseka kalata yonse. Chiganizo chimodzi chotchula komwe mudzapite chikukwanira. Chimamuuza kuti mukudziwa khomo lina, ndipo iye amadziwa kuti kuyankha mafunso a bungwe chifukwa cha kiyibodi imodzi kungamudyere nthawi yoposa mtengo wake.

Kalata yabwino ikhoza kufera pa kaperekedwe. Tinasindikiza makope awiri. Lolemba pa 31 Malichi mlamu anapita nawo, n'kupempha kuti wolandira asayine pa kope lake, alembe tsiku, ndipo ngati chidindo chilipo adinde. Mnyamata wa tiyi uja anayamba wakana. "Ine amayi sindisayina zinthu za bwana." Mlamu anamuyankha modekha kuti, "Achimwene, simukuvomera mlandu ayi. Mukungosonyeza kuti pepalali lafika." Anasayina. Akanakanitsitsa, njira inalipo: kulemba pa kope lake tsiku ndi ola lomwe anaisiya, kukhala ndi mboni, ndi kutumiza chithunzi cha kalatayo pa WhatsApp ya sitolo yomwe ili pa lisiti, pomwe tsiku ndi nthawi zimadzilemba zokha.

Kiyibodiyo anabwerera nayo kunyumba tsiku limenelo, ndipo anachita bwino. Anthu ambiri amasiya katundu pakauntala ndi mawu oti "tikuimbirani", n'kutuluka opanda katundu, opanda pepala. Pakatha mwezi mnyamata amene analandira wasiya ntchito, ndipo palibe akudziwa za kiyibodi iliyonse. Akafuna kuti muisiye kuti aiyese, alembe kapepala konena kuti alandira kiyibodi ya nambala yakuti, pa tsiku lakuti, yosasweka, yokhala ndi vuto lakuti. Mawu oti yosasweka musawaiwale, chifukwa katundu amagwa m'masitolo momwemo.

Foni inalira Lolemba lotsatira, pa 7 Epulo. Bwana analipo. Anali munthu wachikulire, wa mawu ochepa, kalata ija ili patsogolo pake. Anailumikiza kiyibodiyo pa kompyuta ya pakauntala, anakanikiza 1, Q, A, Z, n'kuyang'ana pepala la mizere inayi lija. Anazula batani la A ndi chikhadabo, anasuzumira pansi pake, ananunkhiza, n'kulibwezerapo. Sanaitsegule n'komwe. Anangouza mnyamata kuti, "Kawatengere amayiwa ina."

Mlamu sanainyamule n'kuthamanga. Anatembenuza yatsopanoyo n'kufanizira nambala yake ndi ya m'kalata, ndipo zinali zosiyana. Anapempha kuti ailumikize pomwepo, anatsegula Notepad, n'kudutsa mabatani onse mzere ndi mzere, kuphatikizapo Shift onse awiri, Enter ndi manambala a kumanja, anthu awiri akudikira kumbuyo kwake. Makiyibodi obwera m'katoni imodzi yaikulu akhoza kukhala ndi chilema chofanana, ndipo mphindi ziwiri za pakauntala n'zotchipa kuposa kalata yachiwiri.

Kenako anafunsa funso lomwe tinagwirizana kuti asaliiwale: "Bwana, nanga waranti ya iyi ikuyambira lero?" Bwanayo anapukusa mutu. Inali yopitiriza ya poyamba, monga amachitira ogulitsa ambiri, choncho ikutherabe pa 4 Juni. Mlamu sanalimbane nazo, koma anapempha kuti zilembedwe. Bwanayo anatenga lisiti lija, lomwe manambala ake a makina anali atayamba kale kuzilala, analemba kumbuyo kwake nambala ya kiyibodi yatsopano ndi tsiku la 7 Epulo, anasayina n'kudinda. Mayeso a teremu imeneyo mlamu anali atawatsiriza kale pa kiyibodi yakale yofufutika ija, akulozera zilembo pamtima. Katoni ya yatsopanoyo anaiika pamwamba pa kabati, lisiti ndi kope la kalata zili m'kati, ndipo pa kalendala ya pakhoma anazunguliza 4 Juni ndi bolopeni yofiira.